Mawu oyamba omwe amaimitsa chala cha mlimi

Alamu anga ali ndi kasitolo ka zipangizo zaulimi pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Mukalowa mumayamba mwamva fungo la feteleza, kenaka ndiye mumaona matumba osanjikizana mpaka kudenga, mapaketi a mbewu pa shelefu, ndi timabotolo ta mankhwala totsekeredwa m'kabati yagalasi kuopa ana. Tsiku lina la mwezi wa Disembala ndinawapeza atakhala pa thumba la yureya akudandaula kuti foni siwathandiza. Katundu anali atafika, uthenga anali atauika pa sitetasi ya WhatsApp komanso pa Facebook, koma panalibe ngakhale mmodzi wofunsa. Anandipatsa foniyo kuti ndidziwerengere ndekha. Uthengawo unkayamba motere:

"Moni makasitomala athu onse okondedwa, tikukhulupirira kuti mwadzuka bwino. Ife a sitolo yanu yodalirika tikufuna kukudziwitsani kuti talandira katundu wosiyanasiyana pamitengo yotsika zedi."

Ndinawerenga mpaka pansi chifukwa ndi alamu anga. Mlimi sakanafika. Nkhani yeniyeni, yakuti m'sitolomo munali mankhwala a mbozi zomwe sabata imeneyo zinkadya chimanga cha anthu, inali mu mzere wachisanu ndi chiwiri, pakati pa nsapato za jombo ndi mbewu ya tomato.

Tiyambe ndi kukumbukira mmene munthu amawerengera pafoni. Sakhala pansi ngati akuwerenga kalata ya mwana wake wa ku Joni. Chala chachikulu chimangokankha, maso n'kumadumpha: chithunzi cha ukwati, uthenga wa maliro, vesi, zigoli za mpira, wina akugulitsa zitenje. Uthenga wanu uli pakati pa zimenezi, ndipo bandulo ikutha. Pa Facebook uthenga ukatalika amaudula pakangotha mizere yochepa, n'kuikapo mawu akuti See more. Mu gulu la WhatsApp uthenga wautali umabisikanso kuseri kwa Read more, ndipo munthu asanatsekule n'komwe gululo amangoona timawu toyambirira tokha. Sitetasi nayo imangokhala maola 24, ndipo ikatsekulidwa imadutsa yokha pakamphindi ngati munthu sanaigwire ndi chala. Ndiye malo omwe muli nawo ndi a mawu khumi kapena khumi ndi awiri. Alamu anga anawathera onse pa moni.

Apa pali povuta, chifukwa ife sitiyamba nkhani tisanapatsane moni. Kulowa m'nyumba ya munthu n'kuyamba ndi zomwe wabwerera ndi chipongwe. Alamu anganso anatero: "Ndiye ndingoyamba ngati wapolisi?" Koma taonani wogulitsa nsomba panjinga akamadutsa m'mudzi. Sapereka moni khomo ndi khomo. Amangokuwa kuti "Usipa! Usipa wa lero!" ndipo palibe amene amati ndi wamwano. Moni amabwera mayi akatuluka ndi mbale. Uthenga wa pafoni ndi kukuwa kwa panjinga kuja. Ulemu musautaye, koma usamutseni. Ukhale mu kalankhulidwe, mu "inu" ndi "a", ndipo moni weniweni mumupatse munthu akakuyankhani kapena akaponda pakhomo pa sitolo.

Yambani ndi zomwe waona m'munda lero

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mlimi saima chifukwa chakuti inu mwalandira katundu. Kulandira katundu ndi chimwemwe chanu, ndiponso ngongole yanu. Iye amaima akaona pafoni chinthu chomwe chamusowetsa tulo. Choncho funso loyamba musanalembe si lakuti "ndili ndi chiyani m'sitolo?" koma lakuti "anthu akuno aona chiyani m'minda mwawo sabata ino?"

Sabata imeneyo yankho linali ntchemberezandonda, mbozi zomwe zinafika m'Malawi muno mu nyengo yolima ya 2016 mpaka 2017 ndipo sizinachokenso. Tinayesa kulemba mzere woyamba kangapo, ndipo ndikuonetsani njira yonse chifukwa phunziro lili mu zomwe tinataya.

Poyamba tinalemba kuti, "Tili ndi mankhwala amphamvu a mbozi." N'chimodzimodzi ndi uthenga wakale uja, wangofupika. Ukuyambabe ndi ife, ndipo mawu akuti "amphamvu" sitolo iliyonse imawanena, mpaka wogulitsa mankhwala osadziwika m'mabotolo a zakumwa pamsika amatero.

Kachiwiri tinati, "Chenjerani! Mbozi zitha chimanga chanu chonse!" Uyu amaimitsa chala, inde, koma kamodzi kokha. Amaopseza popanda kuuza munthu choti achite, ndipo alimi amva kukuwa kotere kambirimbiri. Komanso si zoona kwenikweni: chimanga chodyedwa masamba nthawi zambiri chimaphukanso ngati mtima wake sunaonongeke. Mlimi amene anazionapo zimenezi adziwa kuti mukukokomeza kuti mugulitse.

Kenaka ndinawafunsa alamu kuti alimi akabwera amafotokoza bwanji vutoli. Anaseka, nati palibe amene amabwera n'kutchula dzina la mankhwala. Amati, "Mayi, chimanga changa chabowokabowoka masamba, ndipo pamtima pali zinthu ngati utuchi." Basi, mzere unali womwewo, tinangoukonza pang'ono:

"Mwaona zonga utuchi pamtima pa chimanga chanu m'mawa uno?"

Taonani zomwe mawu ochepawa akuchita. Akutchula chinthu chooneka ndi maso, chomwe ndi ndowe za mboziyo, ndipo amene wachiona achizindikira nthawi yomweyo. Akutchula malo ake enieni, pamtima pa chimanga pomwe masamba atsopano amatulukira, chifukwa mbozizi zimabisala momwemo. Akuti "chanu", ndiye akulankhula ndi munthu mmodzi, osati khamu la "makasitomala okondedwa". Ndipo akuti "m'mawa uno", zomwe zikupangitsa kuti ngakhale amene sanapite kumunda ayambe kuganiza zopitako. Mulibemo dzina la sitolo, mulibemo mawu akuti kugula. Munthu akuona ngati mnzake wa m'munda woyandikana ndiye akumufunsa.

Funso lili ndi ngozi yake. Likakhala lotakata, monga "Kodi mukufuna zokolola zambiri?", limafa pomwepo, pakuti ndani safuna? Funso lomwe aliyense angayankhe kuti inde osaganiza silimuimitsa munthu. Labwino ndi lomwe limagawa anthu pawiri, amene aona utuchiwo ndi amene sanauone, ndipo magulu onse awiri ali ndi chifukwa chowerengera mzere wotsatira.

Mzere wotsatirawo ndiye uyenera kulipira ngongole yomwe woyamba watenga. Mwamuimitsa munthu, mpatseni kanthu. Tinalemba kuti aone mapesi khumi pamalo asanu osiyanasiyana m'munda, osati m'mphepete mokha, ayang'ane masamba okhala ndi timawanga toonekera ngati pepala lonyowa, chomwe ndi chizindikiro chakuti mbozi zikadali zazing'ono. Tinawonjezera kuti nthawi yabwino yopopera ndi imeneyo, mbozi zisanakule n'kulowa pansi pamtima pomwe mankhwala safika bwino, ndiponso kuti apopere m'mamawa kapena madzulo, akulunjika pamtima. Pamapeto pake ndi pomwe panabwera sitolo: kuti mankhwala ovomerezeka alipo, abwere ndi tsamba kapena chithunzi kuti tione limodzi, ndipo muyezo tiwawerengera kuchokera pa chizindikiro cha pabotolo. Uthenga wonse unali wa mizere isanu ndi umodzi. Tomato ndi jombo tinazichotsa, zinadikira tsiku lawo.

Madzulo ake kunabwera bambo wina atanyamula phesi lathunthu lozula, nalitsamiritsa pa kauntala. Alamu anatsekula pamtima ndi chikhadabo, mbozi n'kutuluka, yokhala ndi timadontho tinayi takuda chakumchira ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu. Bamboyo sanatchule za uthenga. Anangoti, "Utuchi uja ndi uwu."

Werengani masiku m'malo mwa mlimi

Sikuti tsiku lililonse m'munda mumakhala tsoka. Nthawi zambiri chomwe chimaimitsa mlimi ndi kumukumbutsa kuti nthawi yafika, ndipo apa wogulitsa wa pamsika wa kumudzi ali ndi mwayi womwe kampani yaikulu ya mu mzinda ilibe. Iye amadziwa tsiku lomwe mvula yobzalira inagwa kuderako, chifukwa inamunyowetsa nayenso.

Tiyerekeze kuti mvula yeniyeni, osati chizimalupsa, inagwa pa 4 Disembala ndipo anthu ambiri anabzala pa 5. Chimanga chimamera pakatha pafupifupi sabata, tinene pa 12. Alangizi amati feteleza wobereketsa, yureya, athiridwe patatha masabata atatu chimanga chitamera, ndiye kuti cha pa 2 Januwale. Wogulitsa wosaganiza adzalemba tsiku lomwe lole yafika kuti "Yureya wafika." Wogulitsa amene wawerenga masiku adzadikira mpaka cha pa 27 Disembala, n'kulemba kuti:

"Ngati munabzala ndi mvula ya pa 4 ija, yureya akufunika sabata yamawa."

Aliyense amene anabzala ndi mvula imeneyo aona ngati mwalowa m'munda mwake. Amene anabzala mochedwa ayamba kuwerenga zala kuti apeze tsiku lake, ndipo pamene akuwerengapo chala chaima. Onaninso kuti uthengawu ukutuluka kutatsala masiku angapo, osati tsiku lomwelo. Ndalama ya feteleza sikhala m'thumba. Munthu amayenera kugulitsa mbuzi, kudikira za kubanki m'khonde, kapena kuimbira mwana wa kutauni kuti atumize pa Airtel Money kapena Mpamba. Mukamuuza mochedwa mwangomupatsa nkhawa, ndipo nthawi ya Khirisimasi imeneyi ndalama imakhala ndi njira zambiri zothawira.

Mzere wachiwiri apa ungakhale langizo laling'ono lomwe ambiri amaliphonya: kuti yureya akwiriridwe m'kadzenje pambali pa phesi nthaka ili yonyowa, chifukwa akangomwazidwa pamwamba padzuwa mphamvu yake ina imauluka. Mwina mukuti, nanga ine ndine mlangizi? Ayi, koma mlimi amene feteleza wake sanagwire ntchito sadzanena kuti anathira molakwika. Adzati feteleza wa sitolo ija ndi wosukuluka.

Njira yomweyi imagwira ntchito chaka chonse, kungosintha chomwe mukuwerenga. Mu Meyi ndi Juni, anthu akukolola ndi kutonola, mawu akuti "Tili ndi matumba a PICS" sanena kanthu kwa amene sanawagwiritsepo ntchito. Koma mukati "Chimanga chomwe mukusunga lero, mu Okutobala chidzakhala chimanga kapena fumbi?" aliyense amene anatsekulapo thumba n'kupeza anankafumbwe atamaliza ntchito aima. Pambuyo pake ndiye mumafotokoza kuti thumbalo lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja, kuti tizilombo timafa posowa mpweya popanda mankhwala, ndiponso kuti chimanga chiyenera kukhala chouma bwino ndipo thumba lisaboole. M'chilimwe, chitopa chikayamba kumveka m'midzi yoyandikana, mzere wakuti "Nkhuku zikayamba kuodzera, katemera wachedwa" umanena zoona zomwe oweta ambiri anaziphunzira atataya khola lonse: katemera amateteza nkhuku zomwe zisanadwale, sachiritsa.

Nambala imodzi, ya muyezo womwe mlimi amaudziwa

Nambala imakoka maso, koma ikhale imodzi ndipo ikhale yoyankha funso lomwe mlimi ali nalo kale. Pathumba la feteleza wokulitsa pamalembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn, ndipo ndaonapo ogulitsa akuyamba uthenga ndi zimenezi ngati akulembera katswiri wa ku Chitedze. Manambalawo ndi oona ndi ofunika, koma malo ake si poyamba. Funso la mlimi ndi lakuti, "Munda wanga ufuna zingati?"

Tengani mbewu ya chimanga. Mabuku amati makilogalamu 25 pa hekitala, pobzala mbewu imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25, mizere yotalikirana masentimita 75. Koma alimi ambiri akuno amayeza munda ndi maekala, ndipo ekala ndi pafupifupi magawo awiri mwa asanu a hekitala. Ndiye kuti ekala imafuna makilogalamu 10. Mzere woyamba ungakhale:

"Ekala imodzi, makilo 10 a mbewu. Musagule opitirira."

Wogulitsa akuuza munthu kuti asagule zambiri? N'chifukwa chake chala chimaima. Si chinyengo ayi, ndi zoona, ndipo mlimi wa theka la ekala wadziwa pomwepo kuti paketi ya makilo 5 imukwanira, kotero akubwera ali ndi ndalama yoyenera m'manja.

Pa mbewu palinso mwayi wina. Kampani ya Seed Co inatcha mitundu yake ya chimanga maina a nyama: SC 403 ndi Kanyani, SC 627 ndi Mkango, SC 719 ndi Njobvu. Alimi amatchula nyamazo, manambala amawasiyira a kusitolo. Kanyani amacha msanga, Njobvu amatenga nthawi yaitali ndipo amafuna mvula yokhalitsa. Ndiye mvula ikachedwa, kapena munthu akafuna kubzalanso pakati pa Disembala mbewu yoyamba itapsa ndi ng'amba, mzere wakuti "Mukubzala mochedwa? Chaka chino Njobvu isiyeni" umagwira kuposa kundandalika mitundu isanu ndi manambala ake. Mwamuthandiza kusankha, ndipo kusankha ndi komwe kumamuvuta akaima kutsogolo kwa shelefu.

Nanga mtengo? Apa ine ndi alamu tinatsutsana. Iwo amakonda kulemba kuti "mtengo ndi wochezeka, tiimbireni", poopa kuti wa sitolo yoyandikana aona n'kutsitsa wake. Ine ndimati wa sitolo yoyandikanayo mtengo wanu amaudziwa kale, amatuma mwana m'mawa uliwonse. Amene mukumubisira ndi mlimi, yemwe alibe mayunitsi oimbira masitolo anayi. Pa katundu ngati feteleza, yemwe aliyense amamudziwa ndipo thumba la makilo 50 ndi lofanana kulikonse, mtengo weniweniwo ndi mzere woyamba wamphamvu kuposa wina uliwonse. Koma mulembe kuti ndi mtengo wa lero, ndi tsiku lake, chifukwa mitengo masiku ano sigona pamodzi, ndipo uthenga wanu anthu amautumizirana mpaka sabata ziwiri. Munthu akakwera kabaza kuchokera kutali atagwira mtengo wakale, n'kupeza wina, mkangano wake suthera pa kauntala.

Mizere yomwe imaimitsa chala n'kuthamangitsa munthu

Pali mawu ena omwe amagwira ntchito lero koma amadya sitolo pang'onopang'ono ngati chiswe. Loyamba ndi lakuti "Atsala matumba ochepa, fulumirani!" Likakhala loona, ndi uthenga wabwino ndithu, makamaka mukatchula nambala: atsala 14, lole ina ibwera Lachinayi. Koma pamsika waung'ono anthu amadutsa pakhomo panu popita kuchigayo. Akaona matumba ali mpaka kudenga pamene pafoni mwati atsala ochepa, tsiku lomwe adzatsaledi ochepa palibe adzakhulupirire.

Lina ndi kulonjeza zokolola. "Matumba 40 pa ekala ndi mbewu iyi!" Mwina kampani inalemba nambala yotero pa pepala lake, kuchokera m'minda yoyeserera momwe feteleza anakwana, kupalira kunachitika pa nthawi yake ndipo mvula inagwa bwino. Mlimi wanu ali ndi kaufiti m'munda, wathira thumba limodzi pomwe pamafunika awiri, ndipo mu Januwale kunali ng'amba ya masabata awiri. Mu Epulo sadzapita ku kampani. Adzabwera kwa inu, kapena choipa kwambiri, sadzabweranso, koma nkhani yanu idzakambidwa pachitsime ndi pabawo. Kampani ili kutali, inu mumapemphera tchalitchi chimodzi ndi munthuyo. Ngati mukufuna kunena za zokolola, nenani za munda womwe anthu angathe kupita kukauona ndi maso, mwini wake atavomera.

Pa mankhwala ndiye pofunika kusamala koposa. Mawu ngati "amapha chilichonse" kapena "alibe vuto kwa munthu" asatuluke m'foni mwanu, ngakhale atakhala okoka bwanji. Mankhwala ophera tizilombo m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, ndipo zomwe mankhwala amachita ndi zomwe zalembedwa pabotolo, osati zomwe wogulitsa wapeka kuti uthenga ukome. Munthu amene wawerenga kuti alibe vuto adzapopera atavala kabudula, mwana ali kumbuyo akutunga madzi.

Palinso kachizolowezi kokopera. Wina akalemba mzere wabwino, mawa lake masitolo onse a pamsikapo alemba womwewo, mpaka ndi zolakwika zake. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Mzere wa utuchi uja unagwira chifukwa sabata imeneyo utuchiwo unalidi m'minda ya kumeneko. Kuutenga n'kukauika mu Ogasiti, kapena kudera komwe vuto ndi madzi odikha m'mizere, ndi kungotaya bandulo. Chimodzimodzi zilembo zazikuluzikulu ndi timalawi tamoto khumi totsatizana: pamene onse akukuwa, wolankhula bwinobwino ndiye amamveka. Za chilankhulo sindichedwapo. Ngati pa kauntala mumalankhula Chichewa, pafoni musasanduke mzungu. Chingerezi chimapatsa sitolo maonekedwe, koma mlimi sadandaula za mbozi m'Chingerezi.

Chithunzi nachonso ndi gawo la mawu oyamba, chifukwa diso limafika pa icho lisanafike pa zilembo. Alamu ankakonda kujambula shelefu yonse, zinthu makumi asanu zosaoneka bwino. Pa uthenga wa mbozi tinajambula tsamba limodzi lobowoka lili m'dzanja, pafupi kwambiri mpaka utuchi kuoneka. Pa sitetasi, mawu ofunikawo alembedwe pachithunzi pomwepo ndi zilembo zowerengeka pafoni yaing'ono yong'aluka galasi, pakuti ndi mafoni otero omwe ali m'manja mwa ambiri.

Mudziwa bwanji kuti mzere wagwira?

WhatsApp imakuonetsani chiwerengero cha anthu omwe aona sitetasi, ndipo nambala imeneyi imanyenga. Imawerenga aliyense amene sitetasiyo inadutsa pamaso pake, kuphatikizapo amene ankangothamangira kukaona ya chibwenzi chake. Zala zokweza pa Facebook nazo zambiri zimachokera kwa achibale. Chomwe ndinawapempha alamu n'chachikale: kope la sukulu pafupi ndi kabati ya ndalama. Tsamba lililonse, pamwamba alembe mzere woyamba wa tsikulo ndi nthawi yomwe anautumiza. Pansi pake aike kachizindikiro pa munthu aliyense amene wafunsa za chinthucho, pafoni kapena pamaso.

Mafunsowo ndi amene amanena zambiri kuposa chiwerengero chake. Anthu akamafunsa kuti "zingati?" kapena "mutseka nthawi yanji?", mzere wagwira ndipo uthenga wamveka. Akamafunsa kuti "mukutanthauza chiyani?", mzere waimitsa chala koma wasocheretsa, mwina munachenjeretsa mawu mpaka tanthauzo kubisika. Akamabwera ambiri n'kubwerera osagula atakwinya nkhope, ndiye kuti mzere unalonjeza zomwe pa kauntala palibe. Kukakhala zii, musafulumire kuimba mlandu mawu. Onani kaye nthawi. Uthenga wotumizidwa 9 koloko m'mawa mu Disembala umapeza alimi ali ndi khasu m'manja, foni ili kunyumba kapena ikutchajidwa pa sola ya anansi. Alamu anapeza kuti kwawoko anthu amayankha kwambiri dzuwa likalowa, atasamba, akudikira nsima. Kwanu mwina n'kosiyana, kope likuuzani.

Poyesa, musinthe chinthu chimodzi chokha. Ngati lero mwasintha mawu, chithunzi ndi nthawi pamodzi, anthu n'kubwera, simudziwa chomwe chawabweretsa. Ndipo musaiwale kuti nyengo imagulitsa yokha: sabata yomwe mvula yoyamba yagwa, mbewu imatha ngakhale mutalemba zopanda mutu. Mzere umayesedwa bwino pa masiku wamba.

Kumapeto kwa kope lomwelo alamu anatsekula tsamba lina lomwe ine sindinaliganizire. Amalembamo mawu omwe alimi amanena akafika, ndendende mmene awanenera. Nditapitako mu Febuluwale ndinapezamo akuti "soya wanga wangoti mbuu, sakubiriwira", "nyemba zikuyoyoka maluwa", ndi ena akuti "tomato akuda kumatako". Awa omalizawa anali atawazunguliza ndi cholembera chofiira. Ndinawafunsa ngati akufunadi kuyamba uthenga ndi mawu amenewo, anthu a kumpingo akuona. Anati ayesa "akuda kunsi" Lachiwiri, ndipo akaona kuti anthu a m'madimba sakuyankha, Lachisanu alemba mmene mlimi uja ananenera.